Phada wa M'chikho

Mwana wanga wachisamba anabadwa ndi manja abwinobwino. Ndiyambire pamenepo, chifukwa amene anamudziwa atakula amayesa kuti anatuluka m'mimba ali choncho. Iyayi. Anali kamtsikana kogwiragwira, koti ukasiya mchere pansi upeza kamwaza, ukavula mkanda upeza uli m'kamwa mwake. Matenda anamupeza ali ndi zaka zisanu, m'nthawi ya Chitaganya, tikukhala ku Chileka kumene abambo ake ankatchetcha udzu pa bwalo la ndege.

Kunali kutentha thupi kwa masiku anayi basi. Tsiku lachisanu thupi linazizira, ine n'kuti zikomo Mulungu. Ndinamupatsa kapu ya madzi, kapu ija n'kugwa. Ndinamupatsanso, inagwanso. Ndinamukalipira, inetu, kuti asiye chibwana.

Miyendo inabwerera pang'onopang'ono, ankayenda ngakhale mokoka umodzi. Koma mkono wamanja unangoti lende kuyambira paphewa, ngati si wake. Wamanzere unkagwira paphewa ndi pachigongono, koma zala zinali zofota, ndipo chala chachikulu sichinkafika kukakumana ndi zinzake. Kumva ankamva, ukamutsina ankalira. Kukankha chinthu ankatha, kukokolola ankatha. Kufumbata ndiye ayi.

Tinapita naye kuchipatala m'tauni. Anamwino anatchula dzina la matendawo, lomwe lero aliyense amalidziwa, poliyo. Anati mankhwala obweza mphamvu palibe, ndizimuthowa ndi madzi ofunda ndi kumuwongola zala tsiku lililonse kuti zisapindikiretu, koma ndisamamutopetse. Apongozi anga anamutengeranso kwa asing'anga, anabwerako ndi mphini mikono yonse. Mphini zinapola, zala zili chomwecho.

Za kudya ndi kuvala tinazolowera, munthu amazolowera. Chimene sindinachiganizire ndi masewera. Ndinkayesa kuti mwana akakhuta ndiye kuti zatha. Ndinamuumbira chidole cha dothi, chinapulumuka m'dzanja n'kusweka mutu. Ndinatenga chitsononkho cha chimanga, chopepuka, n'kuchiveka kansalu, n'kusokerera kachingwe kozungulira kuti azingolowetsa mkono. Chimenecho chinatheka. Ndinkamuberekera kumsana, mfundo ndikumanga ndine, iye n'kumazungulira nacho pakhomo akuchitonthoza. Koma chidole ndi cha munthu mmodzi. Mwana wanga ankafuna kumene kuli anthu, ndipo atsikana onse a msinkhu wake anali pa phada.

Kwa amene simunakhalepo pansi n'kusewera, phada amatere. Mumakumba kadzenje n'kuikamo timiyala. Uli ndi mwala wina woponya. Umauponya m'mwamba, usanagwe ukokolole timiyala kutuluka m'dzenje, n'kuuwakha ndi dzanja lomwelo. Uponyenso, ubwezere timiyala m'dzenje kusiya kamodzi kunja, uwakhenso. Kotsalako ndi kako, wadya. Ukapanda kuwakha, kapena ukasiya tiwiri m'malo mwa kamodzi, waphonya, upereke mwala kwa mnzako udikire mpaka onse azungulire. Wodziwa amatha kukhala ndi mwala nthawi yaitali anzake akungoyang'ana. Zonsezi ndi zala. Palibe pamene zala zimapuma.

Atsikanawo ankasewera kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi waya wa bwalo la ndege. Wanga ankakhala kumbuyo kwawo, chidole kumsana, milomo ikuwerenga timiyala ta eni. Ndege ikamatera onse ankadzambatuka kuthamangira ku waya kukaona azungu akutsika. Tsiku lina ndikuanika ufa ndinaona iye sanapite nawo. Anakhwekhwerezeka kufika pa kadzenje, n'kuyamba kukankha timiyala ndi m'mphepete mwa dzanja, kutulutsa, kubweza, kutulutsa, kubweza, maso ali m'mwamba kutsatira mwala umene kunalibe. Atamva anzake akubwerera anabwerera pamalo pake msangamsanga.

Madzulo ake ndinapita kwa wamkulu wa atsikanawo, mwana wa akapitawo a amuna anga.

"Iwe, bwanji mnzanuyu simumupatsako mwala?"

"Sanapemphe, amayi."

"Mawa mumupatse."

Anamupatsadi. Anauika pachikhatho, n'kuukankhira m'mwamba ndi chigongono. Mwala unakwera pang'ono, unatsika, unamenya zala n'kugubuduka.

"Waphonya!" onse pamodzi, monga amachitira ndi aliyense.

Nthawi yake yonse inali imeneyo, yosakwana kuphethira kawiri. Anadikira azungulire, anaponyanso, chimodzimodzi. Masiku atatu akuchita zomwezo, ine mtima ukuwawa ngati ndameza khala.

Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Ndinakazinga mtedza, ndinaitana atsikana aja kukhitchini iye ali kosamba ndi azakhali ake, n'kuwagawira m'manja. Ndinati, "Mnzanuyu akagwetsa mwala musamanene kuti waphonya. Muzingotola n'kumupatsa. Mwamva?" Anagwedeza mitu, masaya ali tutumu.

Mawa lake anagwetsa mwala, kunali zii. Wina anatola n'kumuikira pachikhatho. Anagwetsanso, zii. Kachitatu mwana wa akapitawo anachita kumubwezera yekha timiyala m'dzenje n'kunena kuti, "Wadya kamodzi." Wanga anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Ndaphonyatu ine."

"Iyayi, sunaphonye."

"Mwala uli apowo. Simukuuona?"

Kamwana kena kakang'ono, kopanda mano akutsogolo, n'kuti, "Amako anatipatsa mtedza."

Sanalire. Anadzuka movutikira monga ankadzukira, kutsamira chigongono, n'kulowa m'nyumba. Ndinamutsatira, ndinayamba kulankhula zambirimbiri, zoti ndimafuna asangalale, zoti anzakewo amamukonda. Anangoti, "Mundimasule chidolechi." Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kuseri kwa nyumba. Ankakhala pakhonde, msana kulozetsa kumene kunkachokera phokoso. Abambo ake atamva anati, "Mayi a mwana, mwagula anzake ngati mukugula tomato." 

Panapita zaka ziwiri osakhudza mwala. Kenako kunabwera chaka chija asilikali anadzaza pa bwalo la ndege, malole akungoyendayenda, anthu akugwidwa. Abambo ake anati ine ndi ana tipite kwathu ku Lirangwe mpaka zinthu zitazizira, iwo atsale pantchito. Tinapita, ndipo zitazizira sitinabwerere, tinali titalima kale.

Ku Lirangwe kunali achimwene anga, amalume ake a mwanayu, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Anali munthu woti akaona chinthu chothyoka manja amamuyabwa. Tsiku lina akudya kwathu anaona mwana akukankha nthanga za malambe pakhonde ndi m'mphepete mwa dzanja, yekhayekha.

"Chemwali, ameneyu amadziwa phada."

"Musayambe, achimwene. Nkhani imeneyo inandiwotcha kale."

Ndinawafotokozera za mtedza. Anaseka mpaka kutsamwa, kenako anasiya kuseka.

"Inu munakonza ana a eni. Mukanakonza mwala."

Anamuitana. "Bwera kuno, amayi anga aang'ono. Tandifinya chala ichi." Anayesa, zala zinangogona pa chala chawo. "Chabwino. Tsopano kankha dzanja langa m'mwamba." Anakankha, dzanja lawo linasuntha. "Ehee! Mphamvu ilipo, yangokhala pachigongono. Tiipezere chogwirira."

"Amalume, mukandinamiza ngati amayi ndidziwa."

"Ine mtedza ndimadya ndekha, sindigawa."

Ndiye tinayamba. Ndikanena tsopano zimamveka ngati zinatheka tsiku limodzi, koma zinatenga kuyambira chimanga chili m'munda mpaka nkhokwe zitadzaza.

Poyamba anabweretsa kachitini ka mkaka. Kanali kakuya, mwala sunkatulukamo bwino, ndipo m'mphepete munali mwakuthwa. Tinataya. Ine ndinatenga chikho chakale, chouma bwino, chopepuka, iwo anachidula chogwirira n'kuchicheka kuti chikhale chotambalala, chosaya ngati chikhatho cha munthu wamkulu. M'mphepete anapalamo ndi mwala mpaka kusalala. Anawotcha sipoko ya njinga pamoto n'kuboola mabowo awiri pansi pake, analowetsamo mphira wa chubu, n'kumangirira chikho pachikhatho cha mwana, kukamwa kwake kuyang'ana kumwamba. M'mphepete mwa dzanja, mbali ya kachala kakang'ono, anasiya pabwalo kuti azikokololera.

Anaponya mwala, unakwera bwino kuposa kale lonse. Anatchera chikho, mwala unagweramo, kho! n'kudumphira kunja. Kakhumi konse chimodzimodzi. Zala zimati zikalandira mwala zimautsekera, chikho sichitseka.

Koma choipa chinali mphira. Achimwene anaumanga ngati akumanga katundu panjinga, kuti chikho chisagwedezeke. Iwo anabwerera kumsewu, ine ndinapita kudimba, mwana anatsala akuyeserera. Pobwera ndinapeza zala zatupa, zazizira, zachita kutuwa. Mphira unali utalowa m'mnofu.

"Iwe! Sumamva kuwawa?"

"Ndimamva."

"Nanga osaitana munthu bwanji?"

"Mukanachotsa."

Panatuluka chilonda pamwamba pa dzanja, chinatenga masabata awiri. Ndinakawalalatira achimwene pamaso pa anthu awo a njinga. Anangowerama. Ndinalumbira kuti chikho chija ndichiponya pamoto, ndipo ndikanachiponya, koma mwana ankagona nacho kumutu.

Chilonda chitapola ndinati tsopano zomangira ndipanga ndine. Ndinang'amba nsalu yanga yakale, mizere iwiri yotambalala ngati zala zitatu, ndinaipinda n'kusokereramo thonje. Umodzi unkadutsa pamwamba pa dzanja, wina pamfundo ya dzanja, achimwene ataonjezera mabowo ena awiri. Ndikamanga ndinkalowetsa chala changa pansi pa nsalu, chikakana kulowa ndiye kuti ndathinitsa. Ndipo tinapangana kuti ndikamasula ndiziona khungu, pakafiira tsiku limenelo basi.

Kenako mwala. Ndinasoka kampira ka thonje lokhalokha, kanali kopepuka mopitirira, mphepo inkakatenga kukagwera kwa nkhuku. Ndinasoka kathumba n'kuikamo nandolo wouma, osadzazitsa. Kameneko kanagwera m'chikho n'kungoti phwa, kukhala pomwepo osadumpha. Mwana anakuwa, "Amayi, kakhala!" Patangopita masiku makoswe anakaboola usiku n'kudya nandolo yense. Ndinapita kumtsinje kukasefa mchenga wa misere ikuluikulu, ndinasakaniza ndi thonje pang'ono kuti kasalemere, n'kusoka kawiri. Achimwene anati tisokerere kamchira ka nsalu, kazitsika mochedwerako ndiponso kazioneka bwino m'mwamba. Kuchedwa kwake kunali kochepa, koma kochepako n'kamene kankasowa.

Dzenje nalo linali ndi mlandu. Dzenje la phada limakhala lakuya, timiyala umachita kutikumba ndi nsonga za zala. Tinakumba lina pansi pa mango wa pakhomo pathu, losaya, lotsetsereka mbali zonse ngati mbale, ndinalizira ndi dothi la mtsiro kuti lisalale. M'malo mwa timiyala tinaikamo nthanga za malambe zija, chifukwa n'zopepuka ndipo sizigubuduka kupita kutali. Ankakhala pansi atatambasula miyendo, dzenje lili chakumanzere, mkono wakufa uja ndikuuika pamwendo kuti usamukoke.

Kutulutsa nthanga n'kuwakha anakudziwa msanga. Kubweza n'kusiya imodzi ndiko kunavuta, chifukwa wopanda zala sangasankhe. Iye yekha ndi amene anapeza njira. Anasiya kukokolola zambiri. Ankatulutsa ziwiri kapena zitatu zokha, n'kuyang'ana imene yagwera patali, pobweza n'kudula ndi m'mphepete mwa dzanja pakati pa iyo ndi zinzake. Achimwene ataona anavula chipewa.

Chimene sitinathe kukonza ndi kutopa. Akaponya kangapo mkono unkayamba kunjenjemera, kathumba n'kumapita chammbali. Tsiku lina zikuyenda bwino ndinamulimbikitsa, "Ponyanso, ponyanso," mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake sanathe ngakhale kukweza dzanja kufika pakamwa, ndinachita kumumwetsa phala ngati khanda, masiku awiri. Ndinakumbukira mawu a anamwino aja mochedwa. Kuyambira apo tinkasewera pang'ono m'mawa, pang'ono masana, mkono ukangoyamba kunjenjemera ndimasula, iye akulira kuti kamodzi kokha.

Nthawi yonseyi ankasewera ndi ine kapena amalume ake, ndipo ankadziwa kuti ameneyo si phada. Phada anali kuseri kwa nyumba ya achemwali anga aakulu, kumene mwana wawo wamkazi, wamkulu kwa wanga ndi chaka chimodzi, ankalamulira atsikana onse a m'mudzi. Anali wamtali, wa pakamwa polasa, ndipo pa phada panalibe womuposa.

Tsiku lina m'chilimwe, anthu atamaliza kukolola, wanga anati, "Mundimange. Ndawaitana abwere pa mango." Ndikumanga mfundo yachiwiri anaonjeza, osandiyang'ana, "Inu musakhalepo. Ndipo musakazinge kanthu."

Ndinatenga lichero la nandolo n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, pamene ndinkaona kudzera pakati pa miyendo yake. Anabwera anayi. Wamtali uja anaima n'kugwira m'chiuno.

"Chimenecho n'chiyani? Wabwera kudzatunga madzi?"

Enawo anaseka. Wanga anati, "Ndabwera kudzakudyera nthanga."

"Ndi chikho? Phada wa m'chikho ine sindinamuonepo. Nanga dzenje ili, mwakumba ndi supuni?"

"Ukuopa?"

"Ndiope iwe?" Anatola kathumba, anakaponya m'mwamba, anakawakha, anakaponyanso. Ndinaona nkhope yake ikusintha. "Chabwino. Chikho n'chako, poti zala ulibe. Koma kathumbaka n'ka tonse. Sizingatheke iwe uziponya pilo ife tiziponya mwala."

Enawo anavomereza kuti n'zoona. Ndipo zinamveka zoona, ngakhale kwa ine. Wanga anati, "Eya, ka tonse." Anagwirizananso kuti poti iye ndi mlendo pa gulu, akhala womaliza.

Sindinaganizepo zimenezi miyezi yonse ija ndikusoka. Kathumba kamene sikadumpha, sikaterereka, kamatsika mochedwa, m'manja mwa mwana wa zala zisanu zamoyo, kangagwe bwanji? Ndi mwala, mtsikana wamba amaphonya akadya titatu kapena tinayi. Ndi kathumba kanga, woyamba anadya nthanga zonse za m'dzenje, anazibwezera, n'kuyamba gawo lachiwiri, losiya ziwiriziwiri, asanaphonye. Wachiwiri chimodzimodzi. Dzenje losaya lija linkawathandizanso, nthanga zinkangotuluka zokha. Ankaimba, ankaseka, "Ameneyu ndiye phada wosatha!"

Mthunzi wa mango unachoka pa iwo n'kupita pakhoma. Wanga anali chikhalire, chikho chili pamwendo, kukamwa kwake kuli m'mwamba ngati wopempha. Ndinkadziwa kuti nsalu zija zakhalitsa padzanja, zikufunika kumasula kuti magazi ayende. Ndinkadziwa kuti msana wayamba kumuwawa. Ndinadzuka kawiri, kawiri konse ndinakhalanso pansi. Ndikanapita kukanena chiyani? Kuti phonyani msanga? Umenewo ukanakhala mtedza womwe uja. Nandolo ndinasankha yemweyo katatu.

Wachitatu anaphonya msanga chifukwa mbuzi inadutsa. Wamtali uja anatenga, ndipo ameneyo ndinayesa kuti tigona pompo. Chimene chinamugwetsa ndi matama, anayamba kuponya atatsinzina.

"Kwako, mayi wa chikho."

Anamuikira kathumba m'chikho. Wanga anasendera pafupi ndi dzenje, anakonza mkono wakufa uja ndi bondo, anapuma. Anaponya. Kamchira kofiira kanakwera, dzanja linatsika, nthanga zitatu kunja, phwa m'chikho. Anaponyanso, anadula, ziwiri zinabwerera, phwa.

"Imodzi," anatero mmodzi wa atsikanawo, mawu a munthu wodabwa.

Yachiwiri inatheka. Yachitatu kathumba kanapita chammbali, iye anachita kugona nako chammbali n'kukalandira. Wina anaomba m'manja. Ine ndinali nditaluma nsalu. Kuchokera kunkhokwe ndinkaona chigongono chikunjenjemera, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera iye asanaponye.

Anatulutsa ziwiri bwinobwino n'kuwakha. Pobweza kathumba sikanakwere mokwanira. Kanamenya m'mphepete mwa chikho n'kugwera pafumbi.

Kunali zii. Zii yemwe uja wa ku Chileka, ndinamuzindikira. Wamng'ono pa onse anati chapansipansi, "Abwereze, eti? Mkono wake..." Wamtali uja anangoyang'ana kathumba.

Wanga ndiye anati, "Ndaphonya. Tengani."

"Waphonyadi," anatero wamtali uja, mokweza, monga ankanenera kwa aliyense. "Zitatu zokha. Ndiye kunyada konse kuja?"

"Zinayi zikubwera."

"Tiona."

Woyamba uja anatenga kathumba n'kuyambanso ulendo wake wautali. Asanaphonye, achemwali anga anakuwa kuchokera kwawo kuti mitsuko ili gwa, madzi atunga ndani. Onse anabalalika. Nthawi ya mwana wanga sinabwerenso.

Ndinatuluka kuseri kwa nkhokwe miyendo itachita dzanzi. Iye anali atakankhira nthanga zitatu zija m'chikho ndi chala cha kuphazi.

"Munaona?"

"Ndinali kusankha nandolo."

"Bodza. Ndinaona mapazi anu." Anakweza chikho pang'ono, mkono ukugwedezeka. "Zitatu, amayi. Zenizeni."

Pomasula ndinapeza pamfundo ya dzanja pafiira kwambiri. Ndinangothowa.

Mawa lake anandiuza kuti ndimumange dzuwa lisanakwere. Anakhala pansi pa mango mpaka masana. Atsikana sanabwere. Phokoso tinkalimva kuseri kwa nyumba ya achemwali. Madzulo wamtali uja anadutsa ndi mtsuko, wanga anamufunsa. Anayankha mopanda nkhanza, ngati akunena za mvula, "Kathumba kako kamachedwetsa, munthu umachita kugona podikira. Tabwerera ku mwala. Ubwere konko ngati ukufuna."

Konko kunali dzenje lakuya ndi mwala wodumpha.

Ndinamanga nsalu m'chiuno kuti ndipite kwa achemwali, mwana wawo amve mawu. Wanga anangoti, "Amayi." Ndinakhala pansi. Achimwene atabwera ndinawafunsa kuti bwanji enawo aziponya mwala, iye yekha kathumba. Anati, "Akawauze ndani? Inu? Ine? Tikangolowapo akulu, asiya kumuwerengera." Wanga naye anakana kukapempha, anati anavomera yekha pamaso pa onse kuti kathumba n'ka tonse, sangakabweze mawu.

Ndiye tinabwerera ku chikho, kuti mwina chilandire mwala weniweni. Ndinayala thonje m'kati n'kuphimba ndi nsalu. Mwala unasiya kudumpha kwambiri, koma unali wolemera, mkono unkatopa pa kuponya kwachitatu, ndipo unkatsika msanga dzanja lisanabwerere. Achimwene anafunafuna mwala wopepuka m'mtsinje, anasema wina wa mtengo, anayesa chigoba cha nthudza chothira phula. Za dzenje lakuya anakonza kasupuni ka waya kotuluka m'mbali mwa chikho, kanamukala mwendo, tinachotsa. Tili pakati pa zimenezi mvula inagwa, dzenje la pa mango linadzaza matope, ana onse anapita kumunda.

Chilimwe chotsatira tinali ndi kanthu kooneka ngati kangatheke, kamwala ka mtengo wolimba kokulungidwa ndi ulusi. Ankadya nako ziwiri, tsiku labwino zitatu. Koma chaka chimenecho wamtali uja ndi anzake awiri analowa chinamwali. Anatuluka atameta, akuyenda mwaulemu, maso pansi, ndipo namwali sakhalanso pafumbi kutambasula miyendo n'kumaponya miyala. Wachinayi anapita kukakhala ndi azakhali ake ku Limbe. Pa dzenje lawo panakhala tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi, tamamina.

Ndinazira dzenje la pa mango mwatsopano. Ndinati, "Tiwaitane ang'onoang'onowa. Sangakane."

Anayang'ana tianato nthawi yaitali. Anali atatalika chaka chimenecho, mawere atayamba kutuluka.

"Amene aja andipatsa dala, amayi. Amandiopa."

"Nanga ine? Tisewere awiri."

"Inu mumaphonya mwadala. Mumayesa sindiona?"

Ndinali nditagwira kale nsalu zomangira, ndikudikira dzanja. Sanalitambasule.

"Chikhocho kachiikeni kudenga," anatero.

Ndinakachisomeka ku udzu wa denga, pamwamba pa chitseko, kathumba ndi nthanga zitatu zija zili momwemo. Nsalu zomangira zokha ndi zimene anandiuza kuti ndisunge pansi, ndizimumangira nazo mthiko kudzanja akamaphika.